Tsitsi likayamba kuuma ndi kukhakhala pa ukulu, kametedwe kasinthe bwanji?

"Ndine mphunzitsi wa zaka 53 ndipo ndimakhala ku Santhe m'boma la Kasungu. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikuika mankhwala owongolera tsitsi popanda vuto, koma chiyambire imvi, tsitsi langa lasanduka ngati waya wokwechera mapoto, silikumva mafuta ndipo likungoduka. Mwezi wathawu ndinatopa nalo n'kukametetsa nambala 2 mutu wonse, koma ndinatulukako ndi zigamba, pena pakuda, pena pooneka khungu, moti mpaka lero sindivula duku. Chalakwika n'chiyani, nanga ndizimetetsa bwanji?"

Mayi, ndiyambe ndi kumupeputsira mlandu wometa uja, ngakhale kuti sindimuchotsera wonse. Makina ake anagwira ntchito imene makina amagwira, yodula tsitsi lililonse pa msinkhu umodzi, ndipo akanakhala kuti pampandopo panakhala mtsikana wa zaka 20, akanatuluka ali wosalala bwinobwino. Chimene iye sanayang'ane asanayatse makinawo n'chakuti mutu wa munthu wa zaka za m'ma 50 sukhalanso ndi tsitsi la mtundu umodzi. Kunkhongo kumakhala lakuda ndi lothithikana monga kale, m'mbali mwa makutu mumakhala imvi zolimba, ndipo paliwombo pamakhala tsitsi lopyapyala lotalikirana. Mitundu itatuyi ikadulidwa pa msinkhu wofanana imaoneka mosiyana, ndipo zigamba zanu zinachokera pamenepo. Ine ndameta ndi kukonza tsitsi pa boma la Kasungu pano kwa zaka zambiri, ndipo atsikana amene ndimawaphunzitsa ntchitoyi ndimawauza kuti mutu wa munthu wamkulu umametedwa ngati munda wa nthaka yosiyanasiyana, wamchenga kumtunda ndi wakatondo kumunsi, umene mlimi wanzeru saulima mofanana.

Kuumako kuli ndi gwero lake m'khungu. Tsitsi lililonse limatuluka m'kadzenje kake, ndipo pambali pa kadzenjeko pali kathumba kakang'ono kamene kamatulutsa mafuta achibadwa. Mafuta amenewa ndi amene amakuta tsitsi, kulipatsa kuwala ndiponso kulifewetsa. Timatumbati timagwira ntchito molamulidwa ndi mahomoni a m'thupi, n'chifukwa chake wachinyamata amangonyezimira nkhope ndi mafuta, pamene agogo ake khungu limachita kutuwa. Kwa amayi, mafutawa amatsika kwambiri akasiya kusamba, zimene kwa ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, pamene kwa abambo amatsika mochedwa ndiponso pang'onopang'ono. Ndiye ngati bambo a kunyumbako ali a msinkhu wanu koma tsitsi lawo silikuwavuta chonchi, si kuti iwo akudziwa kulisamalira kuposa inu.

Kwa ife a tsitsi lopotanali kutsika kwa mafutaku kumatigwera pa vuto limene tinali nalo kale. Pa tsitsi lowongoka mafuta amayenderera okha kuchoka patsinde mpaka kunsonga, koma lathu limapindika ndi kudzizunguliza kambirimbiri pa sentimita iliyonse, choncho mafuta amathera m'njira, ndipo kunsonga kumakhala kouma ngakhale pa utsikana. Kunja kwa tsitsi lililonse kuli timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo, tonse toloza kunsonga. Timambati tikagona bwino, tsitsi limaterera m'zala ndipo limawala. Tikatukuka kapena kubenthuka, tsitsi limakolana ndi linzake, limakhakhala, ndipo madzi amalowa msanga n'kutulukanso msanga. Mafuta achibadwa aja ndi amene amathandiza kuti timambato tigone, ndiye akachepa, zinthu zimene tsitsi linkapirira kale zimayamba kuliwononga moonekera. Mphepo ya mwera ya mu June ndi July, dzuwa la mu October, fumbi la m'misewu yathu ya dothi, zonsezi zinalipo muli ndi zaka 30, koma nthawi imeneyo tsitsi linali ndi chodzitetezera.

Pa za kulimba pali chinthu chimene ambiri sachikhulupirira ndikawauza. Tsitsi la munthu wamkulu silinenepa ayi. Kwa amayi, tsitsi lililonse limafika pachimake pa kunenepa kwake cha m'zaka za m'ma 40, kenako limayamba kuwonda, ndipo chiwerengero chake pamutu chimatsikanso, chifukwa nthawi imene tsitsi limakhala likukula lisanathothoke, imene imatenga zaka 2 mpaka 6, imafupika munthu akamakula. Chimene zala zanu zikumva ngati waya ndi kukhakhala kwa kunja kuja, kuphatikizapo imvi. Imvi ndi tsitsi limene kadzenje kake kasiya kuikamo utoto wachibadwa wakuda, ndipo nthawi zambiri limakhala louma gwa, silipotana mofanana ndi anzake, limaima palokha m'malo mogona limodzi ndi gulu, ndiponso limakula mofulumirirapo. Mukafuna kudzionera nokha, tolani pachipeso tsitsi limodzi lakuda ndi imvi imodzi, muziike pa nsalu yofiira kapena yobiriwira pamalo owala. Lakudalo mudzaliona litadzikulunga timikombero tofanana, pamene imviyo idzakhala yopindika apa, yowongoka apo, ngati kawaya kamene mwana wakapinda n'kukataya. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa wometa, chifukwa tsitsi limene likuoneka lolimba ambiri amalilimbana nalo ndi mankhwala amphamvu ndi chipeso chothina, chonsecho mkati mwake ndi lofooka kuposa kale.

Apa ndi pamene mankhwala owongolera aja akulowera. Mankhwalawa ndi a gulu la soda woyabwa kwambiri, ndipo pa muyeso wa pH, umene umaonetsa ngati chinthu chili cha asidi kapena cha soda, amafika 12 kapena kupitirira, pamene tsitsi ndi khungu la pamutu zimakhala bwino pa 4.5 mpaka 5.5. Amawongola tsitsi pothyola zomangira za mkati mwake, ndipo podutsa amatukula timamba tija n'kukokolola mafuta. Zomangirazo sizibwereranso mwakale, ndiye gawo limene lalandira mankhwala limakhala lofooka mpaka tsiku limene lidzadulidwe. Mitundu ina imene imalembedwa kuti ndi yofatsa pakhungu imasiya laimu patsitsi, ndipo imaumitsa kuposa inzake. Imvi zimatha kusanduka zachikasu zikakumana ndi mankhwalawa, ndipo popeza zimaoneka ngati zikukana kuwongoka, wa pasaluni wosazindikira amawasiya mankhwalawo nthawi yaitali, mapeto ake tsitsi lopyapyala la paliwombo n'kupsa chifukwa cha imvi za m'mbali. Kuti mudziwe ngati tsitsi likuduka kapena likuthothoka, yang'anani zimene zatsala pachipeso. Limene lathothoka lokha limakhala lathunthu ndipo kutsinde kwake kumakhala kampira koyera, ndipo kutaya tsitsi lotere 50 mpaka 100 pa tsiku si matenda. Tizidutswa tifupitifupi topanda kampirako, timene timagwera pakolala ya bulauzi ndi papilo, ndi tsitsi loduka. M'kuona kwanga munachita bwino kulichotsa lamankhwalalo, ndipo sindikukulangizani kubwererako.

Tsopano za nambala. Nambala imene timatchula kwa wometa ndi ya kachipeso kamene amaveka kumano a makina, ndipo pa makina ambiri nambala 1 imasiya mamilimita 3, nambala 2 imasiya 6, nambala 3 imasiya pafupifupi 10, ndipo nambala 4 imasiya 13. Kunkhongo kwanu mamilimita 6 a tsitsi lakuda lothithikana amaphimba khungu lonse, ndipo ngakhale patakhala mpata, tsitsi lakuda pa khungu lakuda silionetsa mpatawo. M'mbali zinthu n'zosiyana, chifukwa imvi zoyera zili pa khungu lakuda, ndiye diso limaona khungulo kudutsira pakati pa imvizo, ndipo malowo amaoneka ngati ametedwa mozama pamene msinkhu wake ndi womwewo. Paliwombo tsitsi ndi lochepa ndiponso lowonda, choncho mamilimita 6 sakwanira kuti lipotane n'kukumana ndi linzake. Pali chinanso chimene ometa ambiri a m'mababashopu anazolowera pa mitu ya anyamata, chomwe ndi kuyendetsa makina molimbana ndi kumene tsitsi lagonera. Kuteroko kumalidzutsa tsitsi n'kulidula lili chiimire, ndipo limatsala lalifupi kwambiri. Makina akamatsata kumene tsitsi lagonera, nambala yomweyo imasiya tsitsi lochulukirapo ndiponso logona. Vuto n'lakuti paliwombo tsitsi limamera mozungulira, ndiye amene akungoyendetsa makina kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo amalitsata mbali imodzi n'kulimbana nalo mbali inayo, ndipo chigamba chimabadwa pakatikati pa mutu.

Njira imene ine ndimatsata ndi yoti malo othithikana afupike kwambiri, malo a imvi atalikirepo, ndipo malo opyapyala akhale ataliatali kuposa onse. Diso la munthu siliyeza mamilimita, limangoyerekeza mbali ina ndi inzake, ndiye kunkhongo kukatsitsidwa mpaka khungu kuyamba kuonekera pang'ono, paliwombo sipaonekanso popyapyala. Ambiri amachita zosemphana ndi zimenezi, kusunga tsitsi lambiri kumene lilipo lambiri poganiza kuti likwirira kuchepa kwa kwinako, chonsecho likungokuonetsa poyera.

Ndikufotokozereni za mayi wina wa zaka 57, wogulitsa zitenje, amene amachokera cha ku Chamama. Anabwera mu June ali ndi tsitsi lamankhwala lotalika masentimita 8, louma ngati udzu wa pa denga lakale, ndipo pansi pake panali lachibadwa longomera kumene, la milungu 6, losapitirira sentimita imodzi ndi pang'ono. M'mbali munali moyera pafupifupi monse, ndipo paliwombo panali malo aakulu ngati chikhatho pamene khungu linkaoneka ndikapatula tsitsi. Iwo ankafuna ndiwamete tsiku lomwelo, koma ndinawapempha kuti tidikire. Tsitsi lathuli limakula pang'ono osakwana sentimita imodzi pa mwezi, tinene kuti mamilimita 8, ndipo popeza limadzikulunga, limene mukalikoka likufika masentimita 3 limakhala pamutu ngati theka lake kapena kucheperapo. Ndikanadula tsikulo, paliwombo sipakanatsala chogwira. Ndinangodula theka la nsonga zakufazo ndi sizasi kuti zisamakolane, n'kuwaluka mizere ikuluikulu 6 ya tsitsi lawo lomwe, yosakoka ndiponso yopanda meshi, n'kuwauza kuti azibwera milungu iwiri iliyonse kudzamasula ndi kutsuka. Malo amene lachibadwa likumana ndi lamankhwala ndi ofooka kuposa pena paliponse, ndiye m'miyezi imeneyo chipeso chinkadutsa tsitsi likakhala lonyowa ndi kondishina basi.

Kumayambiriro kwa September lachibadwa linali litapitirira masentimita 3. Ndinayamba ndi kulitsuka, chifukwa tsitsi likanyowa malire amadzionetsa okha, lachibadwa limadzikulunga patsinde pamene lamankhwala limalendewera ngati ulusi wonyowa. Ndinadula ndi sizasi m'malire momwemo, kagawo ndi kagawo, osasiya nsonga yowongoka ngakhale imodzi, pakuti zikatsala zimadzaima pamwamba ngati ndevu za chimanga. Kenako ndinadikira kuti liume ndithu. Apa ndi pofunika, chifukwa tsitsi lopotana limasintha msinkhu likamauma, ndipo imvi ndi lakuda sizifupika mofanana, ndiye mutu umene wakonzedwa uli wonyowa umasanduka wa mabampu ukauma. Litauma ndinalipesa ndi chipeso cha mano otalikirana kuti lonse liimirire. Kunkhongo ndinayamba ndi nambala 2 m'munsi, n'kukwera ndi nambala 3 mpaka pa fupa lotumphuka la kumbuyo kwa mutu. M'mbali mwa makutu ndinadutsa ndi nambala 4, kutsata kumene tsitsi lagonera. Pamwamba ndi paliwombo makina sanafikepo, ndinangosalaza ndi sizasi, kudula nsonga zokhazokha, ndiponso kulumikiza ndi m'mbali kuti pasaoneke masitepe. Pomaliza ndinawaimika pakhomo pa dzuwa, n'kuwazungulira ndikudula imvi zimene zinaima zokha pamwamba pa zinzake, imodziimodzi, chifukwa m'nyumba imvi zimabisala m'kuwala kwa babu.

Ntchitoyi sinayende yopanda cholakwa, ndipo cholakwacho chinali changa. Kumanzere, pamwamba pa khutu, tsitsi lawo limagonera kutsogolo pamene kumanja limagonera pansi, ndipo ine ndinayendetsa dzanja mofanana mbali zonse ziwiri. Panatsala kachigamba kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Chiyeso chimene chimabwera pamenepo n'chofuna kutsitsa malo ozungulira kuti afanane ndi chigambacho, ndipo ndi mmene anthu ambiri amafikira pa mpala asanafune. Ndinawauza zoona, n'kusiya pomwepo, ndipo patatha milungu iwiri, tsitsi litawonjezera mamilimita 4 kapena kucheperapo, kachigambako kanakwiririka. Chiyambire tsikulo ndisanayatse makina ndimayamba ndasisita mutu wonse ndi chikhatho, kupita uku ndi uku, kuti ndimve kumene mbali iliyonse yagonera. Kumene dzanja likuterera ndi kumene makina ayenera kulowera.

Inuyo simukufunika kudikira miyezi itatu ngati mayi aja, chifukwa lamankhwala linachoka kale. Pa mamilimita 6 amene anakusiyirani pawonjezereka ena pafupifupi 8 m'mwezi wapitawu, ndiye muli cha pa 14, womwe ndi pafupifupi msinkhu wa nambala 4. Mukapitanso kwa wometa, mupite mutatsuka tsitsi, litauma ndiponso mutalipesa, lopanda mafuta ambiri amene amalimata. Mumuuze momveka kuti pamwamba ndi paliwombo asakhudzepo, kunkhongo aike nambala 2 m'munsi ndi nambala 3 chakumtunda, ndipo m'mbali adutse ndi nambala 4 motsata tsitsi, kungochotsa imvi zimene zathamangira patsogolo. Mumupemphe ayambe ndi nambala yaikulu, muone pagalasi, kenako atsike ngati pakufunika kutero, pakuti lodulidwa silibwezeredwa. Pakadzatha mwezi wina pamwamba padzakhala patapitirira masentimita 2, ndipo ndi pamene padzayambe kufuna sizasi. Mutu wa imvi umataya maonekedwe msanga kuposa wakuda, choncho kumbuyo ndi m'mbali muzikonzetsa milungu 3 kapena 4 iliyonse, koma pamwamba mukhoza kudumphitsa ulendo umodzi.

Chinthu chimodzi muchikane ngakhale akunyengerereni kuti ndi sitayilo, ndicho kujambula mzere wa pachipumi ndi lezala. Pa mnyamata mzerewo umakongola chifukwa tsitsi limathithikana mpaka m'malire. Kwa munthu wamkulu, makamaka amene analukitsa zokoka kwa zaka zambiri, m'mphepete mwa chipumi mumakhala titsitsi tofewa totalikirana, ndipo wometa pofuna kupeza poti mzere uoneke amalowera m'kati mamilimita angapo ulendo uliwonse. Pakatha masiku ochepa, imvi zophukira m'malo opalidwawo zimaoneka ngati ufa wothiridwa pachipumi. Mphepete zisiyidwe zachibadwa, zingosalazidwa ndi sizasi. Kunkhongo nakonso lezala sindilifuna, chifukwa tsitsi lopotana likametedwa mpaka pakhungu limatha kupindika n'kubaya khungulo pomera, ndipo pamatuluka tiziphuphu timene kwa ena timasiya zipsera zotumphuka. Muonenso kuti mano a makina apukutidwa ndi sipiriti inu mukuona, ndipo mukamva makinawo akukoka tsitsi m'malo modula, dziwani kuti ndi obuntha, ndipo nsonga zimene akusiya zidzakhala zophwasuka.

Kametedwe kabwino sikangaoneke pa tsitsi lotuwa, ndiye ndinenepo za kunyumba, makamaka pa dandaulo lanu loti silikumva mafuta. Mafuta opaka salowetsa chinyezi m'tsitsi, ntchito yake ndi kutsekera chimene chilimo kale ndi kugoneka timamba tija. Mukapaka vasilini pa tsitsi louma, mumangolikuta ndi chomata chimene fumbi la ku Santhe limakakamirapo, ndiye pofuna kuchichotsa mumagwira sopo wamtanda wochapira zovala, amene amatukulanso timamba, ndipo mawa lake tsitsi limauma kuposa dzulo. Tsukani kamodzi pa mlungu ndi shampu yofatsa, muzisisita khungu osati kufikisa tsitsi, kenako mupake kondishina n'kuisiya mphindi 3 mpaka 5, ndipo muzipesa ikadali m'mutu. Mukatsukuluza, mungopukuta pang'ono, ndipo tsitsi likadali lachinyezi mutenge mafuta osapitirira theka la supuni yaing'ono, muwafikise m'manja n'kusisita mutu wonse. Mafuta a nsatsi amene agogo athu ankadzola ndi abwino pa ntchitoyi, kungoti ndi olemera, ndiye muwasungunule ndi a mpendadzuwa kapena a mtedza muyeso wofanana. Amafewetsa ndithu, koma za kuti amameretsa tsitsi pamene linatha musazidalire. M'mawa uliwonse muyambe mwawaza timadzi pang'ono musanapese, chifukwa kupesa tsitsi lopotana lili louma ndi kumene kumalidula kwambiri.

Madzi nawo muwaone. Ngati pa mjigo wanu sopo amavuta kuchita thovu ndipo m'ketulo mumatsala zoyerayera zolimba, madziwo ali ndi laimu wambiri, amene amakhalira patsitsi n'kulilimbitsa, ndipo imvi amazidetsa. M'dzinja tsukirani madzi a mvula, omwe ndi ofewa. M'chilimwe, pomaliza kutsuka, thirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu kapena viniga mu lita imodzi ya madzi, mutsukuluzire, kawiri pa mwezi n'kokwanira. Duku limateteza imvi ku dzuwa ndi fumbi, ndiye silolakwika, koma nsalu ya thonje imamwa mafuta ndiponso imapekesa m'mphepete mwa chipumi ikamangidwa mothina pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Muike kansalu koterera m'kati mwake, ndipo mfundo yake isamakhale pamalo amodzi. Mukadzafuna kudaya, kumbukirani kuti pa tsitsi lalifupi chonchi imvi zimaonekeranso patsinde pakangotha milungu iwiri kapena itatu, ndipo utoto wakuda bii umaumitsa tsitsi ndiponso umatupitsa khungu la anthu ena, n'chifukwa chake umayamba wayesedwa kuseri kwa khutu maola 48 usanapakidwe mutu wonse. Ine ndimaona kuti imvi zometedwa bwino zimakhala zaulemu kuposa mutu wakuda bii wokhala ndi mzere woyera m'mphepete.

Pali malire a zimene sizasi ingakonze, ndipo ndiyenera kuwatchula chifukwa mwanena za malo ooneka khungu. Pemphani munthu wa kunyumba ayang'ane paliwombo panu pa dzuwa. Ngati pali titsitsi tating'ono ndiponso timaenje tikuoneka, ndi kupyapyala kwa ukulu kumene tafotokozaku. Koma ngati khungu lili see, lonyezimira, lopanda timaenje, ndipo pamayabwa, pamabaya kapena pamawawa mukakhudza, kungakhale kuthothoka kwa mtundu wina kumene kumagwira kwambiri amayi achikuda, kumayambira pakati pa mutu n'kumafalikira m'mbali, ndipo kumasiya chipsera pamene tsitsi silidzameranso. Kumeneko kumafuna dokotala wa khungu msanga, chifukwa mankhwala amateteza tsitsi limene latsala, koma sabwezera limene timaenje take tatsekeka. Chimodzimodzinso ngati kuuma kwa tsitsiku kwabwera m'miyezi yochepa limodzi ndi kutopa kosatha, kumva kuzizira anzanu akumva kutentha, kunenepa kosadziwika bwino kapena kuthothoka kwa nsidze chakumapeto, chifukwa zimenezo zimaloza ku chithokomiro chimene chafooka. Kuchepa kwa magazi nako kumathothola tsitsi, makamaka kwa mayi amene anataya magazi ambiri m'zaka zomaliza za kusamba. Zigamba zozungulira zokhala ndi mfundu kapena nkhanambo zimene zatuluka mutachoka kometetsa zikhoza kukhala chipere chotengera ku makina, ndipo cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, odzola okha sachithetsa. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, yambirani ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma ku Kasungu, ndipo za nambala 4 ndi sizasi zidzabwere pambuyo poti akuonani.